Timalemba Ting'onoting'ono ta Inshulansi: Kuba Kumene Kampani Silipira

Inshulansi yoteteza katundu kwa akuba simalipira kuba kulikonse. Kwa apolisi, munthu amene watenga chinthu cha mwini wake mopanda chilolezo ndi cholinga choti asabweze ndi wakuba basi, kaya anathyola chitseko kapena anapeza chili pululu. Kampani ya inshulansi imaona nkhaniyo mosiyana. Iyo imalipira kuba kokhako kumene kwafotokozedwa m'chikalata cha mgwirizano, ndipo kufotokozako nthawi zambiri kumakhala kumasamba a mkati, m'timalemba ting'onoting'ono, pansi pa mutu wa zinthu zimene kampani siidzalipira. Ogula ambiri amangoona tsamba loyamba, pamene palembedwa dzina lawo, mtengo wa katundu ndi ndalama zoti azipereka pachaka. Masamba otsalawo amadzawawerenga katundu atapita kale.

Mawu a zikalatazi amasiyana kampani ndi kampani, koma pa nkhani ya kuba amazungulira pa mafunso atatu. Wakubayo analowa bwanji? Mwini katundu anali kuti pa nthawiyo? Nanga katunduyo anali ataikidwa pati? Zikalata zambiri zimene zimagwiritsidwa ntchito m'Malawi, m'Zambia ndi m'Zimbabwe zinatengera kalembedwe ka ku Britain, ndipo makhoti a maiko amenewa amaonako zigamulo zakale za ku England pamene akumasulira mawu ofanana. N'chifukwa chake milandu ina imene inaweruzidwa ku London zaka zambiri zapitazo imathandiza kumvetsa zimene zingachitikire munthu amene wabedwa ku Limbe kapena ku Chipata.

Chitseko chosakhoma

Inshulansi ya sitolo, ofesi kapena nyumba yosungiramo katundu kawirikawiri imanena kuti idzalipira pokhapokha ngati wakuba walowa kapena kutuluka mogwiritsa ntchito mphamvu ndi mothyola. Inshulansi ya katundu wa m'nyumba yogona ina imakhala yofewerapo, koma nayonso imaika lamulo lomweli pa zinthu monga ndalama, katundu wa m'nyumba zapambali ngati galaja ndi khitchini yapanja, komanso pa nyumba imene mukukhala alendi.

Tanthauzo la mawu amenewa linayesedwa m'khoti la apilo la ku England mu 1899, pa mlandu wa mwini sitolo wina dzina lake George. Wakuba anafika pasitolopo chitseko chili chotseka koma chosakhoma, anapotoza chogwirira n'kulowa. Ali mkati anathyola kabati yoonetsera malonda n'kutengamo katundu. Khoti linagamula kuti kampani isalipire. Kupotoza chogwirira cha chitseko si kuthyola, ndipo kuthyola kabati sikunathandize mwini sitolo chifukwa chikalata chinkanena za kulowa m'nyumbayo, osati kutsekula mipando ya mkati. Patapita zaka 21, mu 1920, khoti lomwelo linaona mlandu wa Calf, m'mene wakuba anagwiritsa ntchito kachida pokankha lilime la loko mpaka chitseko chinatsekuka. Apa khoti linati uku ndiye kuthyola, ngakhale mphamvu yake inali yochepa. Choncho nkhani sigona pa kukula kwa mphamvu. Igona poti wakubayo analowa mwa njira imene mwini nyumba amalowera tsiku ndi tsiku, kapena anachita kugonjetsa chotchinga.

Vuto lalikulu lili pa makiyi obedwa. Pa mlandu wa kampani ya Dino Services, umene unafalitsidwa mu 1989, akuba anayamba aba makiyi m'galimoto, kenaka anapita nawo kumalo a bizinesi, kutsekula maloko bwinobwino n'kusesa katundu. Khoti la apilo linati kulowa ndi kiyi weniweni wa loko si kuthyola, ngakhale kiyiyo atapezedwa mwakuba. Ichi ndi chigamulo chowawa, pakuti mwini malo anali atakhoma zitseko zonse monga munthu wosamala. Koma chimaonetsa mmene makhoti amatsatira mawu olembedwa. Chimene chimatuluka pa mlanduwu n'chakuti munthu amene makiyi ake asowa ndipo sanasinthe maloko amakhala ngati alibe inshulansi pa kuba kochitika ndi makiyiwo. Zikalata zina zimalipira ndalama zosinthira maloko pa chifukwa chomwechi, ndipo zina zimavomera kuba kwa makiyi ngati makiyiwo analandidwa moopseza kapena momenya munthu.

Pali njira zina zolowera zimene zimabweretsa mikangano. Wakuba amene wapisa ndodo yokhala ndi ngowe pawindo lotsekula n'kukoka foni kapena thalauzi sanathyole kanthu, ndipo zitsulo za pawindo zimakhala zili chilili. Amene wadumpha mpanda n'kutenga njinga pakhonde, zovala pachingwe kapena silinda ya gasi panja, sanalowe n'komwe m'nyumba. Zikalata zambiri zimati katundu wosiyidwa panja sizilipira, kapena zimalipira kandalama kochepa kokhala ndi malire ake. Koma amene wabisala m'sitolo masana n'kudzathyola chitseko usiku potuluka ndi katundu amagwera m'gulu la kuba kolipiridwa, ngati chikalata chatchula kutuluka mothyola pamodzi ndi kulowa.

Kufupi ndi nkhani ya makiyi kuli nkhani ya anthu amene ali ndi ufulu wolowa m'nyumba. Kuba kochitidwa ndi wachibale wokhala pakhomo pomwepo, mlendi, wantchito wa m'nyumba kapena mlonda, kapena kumene anthuwa athandizirako, zikalata zambiri zimakupatula. Chifukwa chake n'chakuti loko sangatchinge munthu amene wapatsidwa kiyi, ndipo kampani ilibe njira yodziwira kukhulupirika kwa munthu amene sinamusankhe. Mabizinesi amagula inshulansi yapadera yoteteza ku chinyengo cha antchito. Makomo ambiri a m'tauni amene ali ndi wantchito ndi mlonda alibe chitetezo chotere, ndipo eni ake ambiri sadziwa kuti alibe.

Nyumba yosiyidwa yopanda munthu kwa nthawi yaitali nayo imatuluka m'chitetezo. Malire amene amapezeka kwambiri ndi masiku 30 kapena 60 otsatizana. Lamuloli limakhudza makamaka anthu amene anamanga nyumba kwawo koma amagwira ntchito ku Joni kapena ku Britain, komanso amene amapita kumudzi nyengo yonse yokolola. Mlonda wogona pageti nthawi zambiri sawerengedwa ngati wokhala m'nyumba. Kampani ikauzidwa ulendo usanayambe imatha kuvomera kupitiriza chitetezo, mwina powonjezera ndalama kapena kuika malamulo ena, koma chilolezocho chimayenera kukhala cholembedwa.

Galimoto yopanda woyang'anira

Mawu akuti galimoto yosiyidwa yopanda woyang'anira amapezeka m'inshulansi ya galimoto, ya katundu wa paulendo, ya malonda onyamulidwa pamsewu ndiponso ya zinthu zoyenda nazo monga laputopu ndi kamera. Munthu wamba amaganiza kuti mawuwa akunena za galimoto yosiyidwa kwa maola. Makhoti amawamva mwanjira yothina kwambiri.

Muyeso wodziwika unachokera pa mlandu wa kampani ya Starfire Diamond Rings mu 1962. Munthu amene ankayenda ndi mphete zamtengo wapatali za malonda anaima pambali pa msewu n'kupita kukadzithandiza, mtunda wa mayadi 37, omwe ndi pafupifupi mamita 34. Wakuba anatenga chikwama cha mphetezo n'kuthawa. Woweruza wotchuka Lord Denning anafotokoza kuti galimoto imakhala ndi woyang'anira ngati pali munthu amene akuiona, amene angathe kuona aliyense wofuna kuigwira, komanso amene waima pamalo poti ali ndi mwayi weniweni womuletsa. Munthu uja anali patali moti sakanatha kuletsa wakubayo, choncho kampani sinalipire. Muyesowu suwerengera mphindi. Umafunsa ngati maso a mwini anali pagalimoto ndiponso ngati miyendo yake ikanafikapo msanga.

Zotsatira zake zimasintha ndi tinthu tating'ono. Mu 1986, pa mlandu wa Langford, mayi wina wochita malonda anaimika galimoto pakhomo pake, mkati muli masutikesi a zodzikongoletsera zogulitsa, n'kulowa m'nyumba kwa kanthawi kochepa. Khoti linapeza kuti ankatha kuiona galimotoyo ali m'nyumbamo ndipo anali pafupi, choncho linati galimotoyo sinali yosiyidwa. Mayiyu anapambana pamene wa mphete uja analephera, ngakhale onse anachoka pagalimoto kwa nthawi yochepa.

Makiyi osiyidwa m'galimoto ndi nkhani ina yodziimira payokha, ndipo ndi imene imaluzitsa anthu galimoto yathunthu. Pafupifupi chikalata chilichonse cha inshulansi yaikulu ya galimoto, ija yolipira ngozi, moto ndi kuba, chimati sichidzalipira ngati makiyi anasiyidwa mkati kapena pagalimotopo. Mu 2001 khoti la apilo la ku England linaweruza mlandu wa Hayward, amene anasiya makiyi m'galimoto yake ya mtundu wa Porsche pamalo omwetsera mafuta n'kulowa mkati kukalipira. Ali m'katimo munthu wina analowa m'galimoto n'kuiliza. Mwini wake anathamangira panja, koma galimoto inapita. Khoti linati makiyiwo anali atasiyidwa, ndipo kampani inali ndi ufulu wokana kulipira.

Kuno kwathu pamalo omwetsera mafuta pamakhala wothira amene amalandiranso ndalama, choncho dalaivala satsika kawirikawiri. Koma mipata yofanana ndi imeneyi ilipo yambiri: kutsika kukatsekula geti injini ikulira, kuima pamsewu kukagula tomato kapena makala, kuthamangira pamakina otapira ndalama, kusiya makiyi kwa anyamata otsuka galimoto. Magalimoto oliza ndi batani abweretsa mpata watsopano, poti kiyi wake amatha kutsala m'chikwama pampando mwini wake osazindikira. Pachifukwa chimenechi, galimoto ikabedwa, chinthu choyamba chimene kampani imapempha ndi makiyi onse, kuphatikizapo wapadera uja. Amene walephera kupereka kiyi mmodzi amakhala ndi mafunso ambiri oti ayankhe.

Kulandidwa galimoto ndi achifwamba, dalaivala ali mkati kapena pambali pake, si kusiya makiyi, ndipo inshulansi yaikulu imalipira. Kupusitsidwa ndiye kumavuta. Munthu amene akugulitsa galimoto n'kupereka makiyi kwa wofuna kugula kuti akaiyese, kapena kuipereka ataonetsedwa uthenga wabodza woti ndalama zalowa ku banki, wapereka galimotoyo ndi manja ake. Zikalata zambiri zili ndi mzere wapadera wopatula kutaya galimoto mwa njira imeneyi.

Katundu woonekera

Funso lachitatu likukhudza malo amene katundu anaikidwa. Mawu ofala amati katundu wobedwa m'galimoto yopanda woyang'anira adzalipiridwa pokhapokha ngati zinthu zitatu zachitika pamodzi: galimoto inali yokhoma ndi mawindo otseka, katunduyo anabisidwa m'buti kapena m'kabokosi kotseka ka kutsogolo moti wodutsa sangamuone, ndipo pali zizindikiro zooneka zoti wakuba anachita kuthyola. Chimodzi chikasowa, pempho lagwa.

Kubisa kumene chikalata chikunena si kumene anthu ambiri amachita. Kuphimba laputopu ndi jekete kapena chitenje pampando wakumbuyo si kubisa, pakuti chikalata chatchula malo enieni, ndipo mulu wa nsalu pampando umauza wakuba kuti pansi pake pali kanthu. Kukankhira chikwama kunsi kwa mpando kumavomerezedwa ndi zikalata zina, zina ayi. Mawindo akuda nawo sasandutsa mpando kukhala buti. Eni magalimoto opanda buti yapayokha, monga Toyota Probox, Sienta ndi ena otsekula kumbuyo, ali pa vuto lalikulu, chifukwa malo a katundu amaoneka pagalasi pokhapokha atakhala ndi chivundikiro chake. Kumbuyo kwa pikapu kophimba ndi tenti sikuwerengedwa ngati malo okhoma. Zikalata zina zimawonjeza kuti usiku galimoto yokhala ndi katundu iyenera kugona m'galaja yokhoma kapena mumpanda wokhala ndi mlonda.

Lamulo la zizindikiro za kuthyola labweretsa madandaulo ambiri ku South Africa, kumene akuba amagwiritsa ntchito kachida kotsekereza uthenga wa rimoti. Mwini galimoto amadina batani n'kumapita, akuganiza kuti wakhoma, pamene zitseko sizinakhomeke. Wakuba amatsekula, kutenga katundu n'kutsekanso. Galasi silisweka, loko sapindika, ndipo kampani imaona ngati galimoto inasiyidwa yosakhoma. Makampani ena kumeneko amalipira pakapezeka zithunzi za makamera a pamalopo zoonetsa zimene zinachitika, ena amakana. Njira yokhayo yodziwira kuti galimoto yakhomekadi ndi kukoka chogwirira cha chitseko munthu asanachoke.

Kusamala koyenera ndi lamulo lotchula chinthu

Pafupifupi chikalata chilichonse chili ndi mzere wonena kuti mwini katundu ayenera kusamala moyenera kuti asabedwe. Mzerewu umamveka woopsa, ngati kampani ingakane kulipira pa kulakwitsa kulikonse. Koma makhoti anauchepetsa mphamvu. Maganizo ake ndi akuti munthu amagula inshulansi kuti atetezedwe ngakhale ku kuiwala ndi kunyalanyaza kwake komwe, ndiye kampani singagwiritse ntchito mzerewu pokana wina aliyense amene waphonya pang'ono. Iyenera kuonetsa kuti munthuyo anaona ngozi, anaizindikira, koma sanasamale konse ngati ichitika kapena ayi.

Chitsanzo chake ndi mlandu wa Sofi, umene unafalitsidwa mu 1993. Banja lina linali pa ulendo wopita ku France ndipo linatenga zodzikongoletsera za mtengo wa pafupifupi mapaundi 42,000, poganiza kuti zikhala zotetezeka kuposa kuzisiya kunyumba. Atafika ku Dover nthawi ya sitima isanakwane, anaima kuti aone linga lakale la kumeneko. Anakambirana zochita nazo zodzikongoletserazo n'kuzikhomera m'kabokosi ka kutsogolo kwa galimoto. Pobwerako patapita mphindi ngati 15 anapeza zabedwa. Khoti la apilo linati kampani ilipire, chifukwa anthuwa anaganizira za ngoziyo n'kuchitapo kanthu, ngakhale zimene anachitazo sizinali zanzeru kwambiri.

Tikaika mlandu wa Sofi pambali pa wa Starfire, kusiyana kumaoneka. Banja la Sofi linachoka kwa kotala ya ola, galimoto osaiona n'komwe, koma linalipidwa. Wa mphete uja anali pamtunda wa mamita 34 okha koma sanalipidwe. Chinasiyanitsa ndi mawu a chikalata. Pa Sofi kampani inadalira mzere wa kusamala koyenera, umene umayeza maganizo a munthu. Pa Starfire panali lamulo lotchula chinthu chenicheni, loti galimoto yosiyidwa silipiridwa, ndipo lamulo lotere silifunsa ngati munthu anali wosamala kapena ayi. Limangofunsa ngati chinthucho chinachitika. Apa ndiye pagona ngozi ya timalemba ting'onoting'ono, ndipo makampani ataona mmene makhoti akuchitira ndi mzere wa kusamala, anayamba kulemba malamulo otchula zinthu ambiri.

M'gulu lomweli muli malonjezo a chitetezo amene kampani imalemba patsamba la mwini katundu: kuti alamu iziyatsidwa nthawi zonse pamalo pakakhala popanda munthu, kuti mawindo onse akhale ndi zitsulo, kuti pakhale mlonda usiku, kapena kuti galimoto ikhale ndi kachida koilondolera. Alamu imene batire lake linatha nthawi ya kuzimazima kwa magetsi, kapena kachida kolondolera kamene kanadulidwa chifukwa chosalipira, ndi lonjezo losweka. Pa malamulo akale a ku England, kuswa lonjezo lotere kunkamasula kampani ngakhale kuswako kusanathandize wakuba mwa njira iliyonse. Britain inafewetsa zimenezi ndi lamulo la inshulansi la mu 2015, koma lamulolo ndi la kumeneko, ndipo wogula inshulansi kumaiko athu kuno sangalidalire.

Chitsanzo chowerengera

Tiyerekeze munthu wina wa ku Blantyre, wojambula zithunzi pa maukwati, amene ali ndi inshulansi ziwiri. Yoyamba ndi yaikulu ya galimoto, imene pa pempho lililonse mwini amayamba walipira yekha K100,000. Yachiwiri ndi ya zida zoyenda nazo, m'mene analembetsa laputopu ndi kamera, ndipo pa pempho lililonse mwini amasenza gawo limodzi mwa magawo khumi. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma kawerengedwe kake ndi kamene kamatsatidwa.

Tsiku lina masana waimika galimoto ku Limbe, wakhoma, walowa m'sitolo kwa mphindi 20. Kamera ili m'buti. Chikwama cha laputopu chili pampando wakumbuyo, ndipo m'thumba la chikwamacho muli K300,000 imene kasitomala wapereka m'mawa. Pobwera wapeza galasi lakumbuyo laswedwa, chikwama palibe, buti yatsekulidwa ndi kachingwe ka mkati ndipo kamera yapita. Laputopu inali ya K1,200,000, kamera pa mtengo wake wa lero ndi K800,000, ndipo kuika galasi lina kudya K250,000. Zonse pamodzi wataya K2,550,000.

Woyeza wa kampani adzayamba ndi galimoto. Inali yopanda woyang'anira, poti mwini wake ali m'sitolo sakanaiona. Choncho malamulo atatu aja ayamba kugwira ntchito. Galimoto inali yokhoma, ndipo magalasi osweka ndi umboni wa kuthyola. Chatsala ndi malo a chinthu chilichonse. Kamera inali m'buti, ndiye ilipiridwa: K800,000 kuchotsapo K80,000, kutsala K720,000. Laputopu inali pampando, poonekera, ndiye silipiridwa ngakhale inalembetsedwa ndipo ndalama zake za pachaka zinaperekedwa. Ndalama za kasitomala zija sizilipiridwa ndi chikalata chilichonse mwa ziwirizi, chifukwa ndalama zenizeni zimafuna inshulansi yakeyake. Galasi ligwera ku inshulansi ya galimoto: K250,000 kuchotsapo K100,000, kutsala K150,000. Pa K2,550,000 imene wataya alandira K870,000.

Zinthu zikanasintha pang'ono, malipiro akanasinthanso kwambiri. Chikwama chija chikanakhala m'buti, laputopu ikanabweretsa K1,080,000 yowonjezera. Galimoto ikanakhala kuti sinakhomeke, kaya chifukwa choiwala kapena cha kachida kotsekereza rimoti, sipakanakhala galasi losweka ndipo kamera yomwe sikanalipiridwa. Akanasiya mnzake wamkulu atakhala m'galimotomo ali maso, galimotoyo sikanakhala yosiyidwa, ndipo lamulo la kubisa silikanagwira ntchito n'komwe. Mnyamata wa pamsewu amene walonjezedwa kandalama kuti aziyang'ana magalimoto khumi nthawi imodzi ndi wovuta kumuwerengera ngati woyang'anira, ngakhale anthu ambiri amamudalira.

Pali kanthu kena kamene chikalata sichinena. Munthu amene wafika pamalo oimika galimoto n'kuyamba kusamutsa laputopu kuchoka pampando kupita m'buti wakwaniritsa mawu a kampani, koma waonetsanso akuba pamene pali katundu. Kusamutsako n'kothandiza kukachitika ulendo usanayambe.

Umboni ndi kudandaula

Pa mkangano wa inshulansi pali kugawana kwa udindo wopereka umboni. Mwini katundu ayenera kuonetsa kuti katunduyo anali wake, kuti wabedwadi, ndiponso kuti kubako ndi kwa mtundu umene chikalata chimateteza. Ngati kuthyola kwalembedwa ngati mbali ya tanthauzo la kuba, iye ndiye woyenera kuonetsa kuthyolako. Kampani ikafuna kudalira mzere wopatula, monga wa makiyi osiyidwa, udindo woonetsa kuti mzerewo ukugwira ntchito ndi wake. Ndipo mawu akakhala osamveka bwino, otheka kumasuliridwa pawiri, makhoti amawamasulira mokomera wogula, popeza anawalemba ndi kampani.

Ichi n'chifukwa chake umboni wa tsiku loyamba uli wofunika. Loko wothyoka, chitsulo chopindidwa, lata lotukulidwa ndi magalasi osweka ziyenera kujambulidwa zisanakonzedwe, ndipo loko wakaleyo asungidwe mpaka woyeza atamuona. Anthu ambiri amathamangira kuitana kalipentala kuti nyumba isagone yotsekula, ndipo potero amafafaniza umboni wokhawo umene anali nawo. Lipoti la apolisi limafunika pa pempho lililonse la kuba, ndipo zikalata zimaika malire a nthawi yodziwitsa apolisi ndi kampani, ena afupi ngati maola 24 kapena 48. Malisiti ndi manambala a zida amathandiza kuonetsa umwini ndi mtengo.

Zimene munthu wauza apolisi ndi zimene walemba pafomu ya kampani zimayerekezedwa. Amene wauza apolisi kuti chikwama chinali pampando, kenaka n'kulembera kampani kuti chinali m'buti, walowa m'vuto loposa kukanidwa laputopu. Bodza pa mbali imodzi ya pempho limagwetsa pempho lonse, kuphatikizapo mbali zimene zikanalipiridwa, monga kamera m'chitsanzo chija. Choipitsitsa ndi kuswa galasi kapena loko mwadala pofuna kupanga umboni. Oyeza amaona mbali imene magalasi agwera ndi mmene loko wapindikira, ndipo mchitidwewu ndi mlandu wa chinyengo.

Pempho likakanidwa, wogula angapemphe kalata yotchula mzere weniweni umene kampani yadalira, n'kuuyerekeza ndi chikalata chimene anapatsidwa pogula. Funso loyamba ndi lakuti mzerewo ndi wa kusamala koyenera kapena ndi lamulo lotchula chinthu, pakuti woyambawo ndi wosavuta kuutsutsa. Dandaulo limayambira kukampani komweko kapena kudzera mwa buloka amene anagulitsa inshulansiyo. Zikakanika, m'Malawi nkhani imapita ku ofesi ya mkulu woyang'anira mabungwe a zachuma, imene ili ku Reserve Bank of Malawi. Ku Zambia makampani a inshulansi amayang'aniridwa ndi Pensions and Insurance Authority, ku Zimbabwe ndi Insurance and Pensions Commission. Ku South Africa madandaulo otere amapita ku National Financial Ombud Scheme, imene mu 2024 inatenga ntchito ya ofesi yakale yomva madandaulo a inshulansi ya katundu, ndipo ku Britain amapita ku Financial Ombudsman Service, imene imaonanso ngati kampani inamufotokozera wogula mzere wopatulawo momveka pa nthawi yogulitsa. Zikalata zambiri zimaikanso malire a miyezi imene munthu angatengere nkhani kukhoti kapena kwa oweruza apadera pempho likakanidwa, ndipo nthawiyo imayamba kuwerengedwa kuchokera pa tsiku la kalata yokanayo.